Miyezi ya Chichewa ikukana kutsatana mu PivotTable

Moni nonse. Ndithandizeniko, ndavutika nazo kuyambira dzulo.

Ndimalemba malonda a pa golosale yathu mu Excel 2016, ndipo miyezi ndi masiku ndimalemba m'Chichewa. Ndikadina Sort A to Z, Disembala amabwera pamwamba, kenako Epulo, Febuluwale, Januwale. Masiku nawonso amayambira Lachinayi, Lachisanu, Lachitatu, Lolemba n'kukhala kumunsi.

Ndinayesa Custom List ya January, February yomwe ilimo kale, koma sinathandize chifukwa mayina anga ndi a Chichewa. Ndiye ndinalowa ku File, Options, Advanced, Edit Custom Lists, n'kulemba Januwale mpaka Disembala, dzina lililonse pamzere wake, n'kudina Add. Ndinachitanso chimodzimodzi ndi Lolemba mpaka Lamulungu. Patebulo lenileni zinatheka, kupatula mizere 14 yomwe inatsalira pansi penipeni. Nditayang'anitsitsa ndinapeza kuti mwana wa achimwene ankalemba Sepitembala pomwe ine ndinaika Seputembala, ndipo mwina munali kampata kumapeto kwa dzina. Ndinakonza ndi Replace komanso TRIM, zonse zinalowa m'malo mwake.

Pomwe pandikanika ndi pa PivotTable, yomwe ndinaipanga kale mndandandawu usanakhalepo. Ikuyambabe ndi Disembala. Ndadina Refresh kangapo, ndipo Use Custom Lists when sorting ndi yochongedwa pa Totals & Filters.

Kodi ndidine pati kuti itsate mndandanda wangawo? Kapena ndiichotse n'kupanga ina? Kukoka miyezi ndi dzanja sindikufuna, chifukwa mwezi uliwonse ndimaonjezera mizere, ndipo bambo akufuna lipotili Loweruka. Zikomo.