Za mitengo mu Redis zija, zatheka tsopano

Ndinafunsa kuti: "Ndikasintha mtengo mu databesi, bwanji kasitomala akuonabe wakale?"

Vuto ndalipeza abale. Kiyi ya mtengo mu Redis ndimaifufuta ndisanamalize kulemba mu databesi, ndiye pakampata kameneko wina akatsegula tsamba la shuga, pulogalamu imakatenganso mtengo wakale uja nkuubwezera mu Redis, basi ukhala momwemo mpaka nthawi yake ithe, ine ndinali nditaika ola lathunthu! Pano ndikuyamba `COMMIT`, kenako:

```
DEL mtengo:42
```

Posunga ndikuchita chonchi, mphindi 5 zokha:

```
SET mtengo:42 3500 EX 300
```

Chinanso chinandipweteka, `SET` yopanda `EX` imachotsa nthawi yomwe kiyi inali nayo. Ndinaona `TTL mtengo:42` ikubweza -1, kutanthauza kuti siidzatha yokha. Polipira pokha ndikuwerengabe ku databesi, ndalama za anthu sindingaziike pa kashi ya Redis.