Ndifotokoze bwanji tchati cha zosonkha pamwezi?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa gulu losunga ndalama, tilipo 20. Ndinajambula tchati cha mizati: pansi pali miyezi, ndipo kutalika kwa mzati kukuonetsa zomwe tasonkha mwezi umenewo wokha.

Vuto labuka pa Malichi. Mzati wake wafupika chifukwa anthu 5 anachedwa kupereka, ndiye masheya awo analowa mu Epulo, mzati wa Epulo n'kutalika kwambiri. Mamembala ena akuganiza kuti mzati ukafupika ndiye kuti ndalama za m'bokosi zachepa, pomwe zosonkha zakale zikadalipo. Zikundidetsa nkhawa, chifukwa ayamba kukayikirana.

Kodi zochedwazi ndizilembe pa mwezi womwe zimayenera kulowa, kapena womwe zafika? Nanga ndiwonjezere mzere woonetsa zonse pamodzi, kapena uwasokoneza?