Ndagulitsa galimoto pakati pa chaka, kodi ndalama ya inshuwalansi yotsala amabweza?

Membala wobisa dzina
A admini ndibiseni dzina chonde, apongozi anga ali pa gulu pomwe pano. Abale, ndinali ndi ka Sienta kanga komwe ndinkayendetsa ngati takisi ku Lilongwe. Pa 1 Malichi ndinalipira inshuwalansi ya komprehensivu ya chaka chonse, K720,000, ndalama yoti ndinachita kukatenga ku banki mkhonde. Mayi anga atadwala ndinakagulitsa pa 31 Julaye, wogulayo ndi mnzake wa mlamu wanga, mpaka lero sanamalize K400,000 ndipo foni yanga sakuyankha, koma akazi anga akuti ndisachite phokoso. Fizi ya ana awiri ikufunika sabata ya mawa. Ndinamuuza mnyamata amene anandigulitsa inshuwalansiyo, anangoti "tiona bwana". Lero ndi pa 16 Sepitembala. Miyezi 7 imene ndinalipira koma sindinagwiritse ntchito ija, ndalama yake ingabwere? Ndiyambire pati? Tulo sindikupeza.

Bambo a Mphatso
Iwalani achimwene. Ndalama ikalowa ku inshuwalansi yalowa m'kamwa mwa ng'ona. Ine minibasi yanga inagundidwa kumbuyo, ndinayenda miyezi 9 mpaka nsapato kutha. Anthu amenewa amadziwa kulandira basi.

Nachisale
Nkhani yaikulu apa ndi K400,000 ija. Munapereka bwanji makiyi munthu asanamalize kulipira? Nanga bulubuku munasintha kale dzina?

Mai a Wongani
Amabweza. Masamu ake ndi apafupi: K720,000 kugawa kwa miyezi 12 ndi K60,000 pa mwezi. Miyezi 7 yotsala ndi K420,000. Pitani mukatenge ndalama yanu, musaope.

Che Jafali
Mayi, masamu amenewo amagwira pamene kampaniyo ndi imene yathetsa mgwirizano, ndiye imabweza powerengera masiku otsala. Akathetsa ndi mwini galimoto, makampani ambiri amatsata mndandanda wina, wa mitengo ya nthawi yochepa, ndipo umaluma. Ndakhala pa ntchito ya ubuloka zaka zambiri, ndikupatseni wa pa chikalata chimene ndili nacho pano: galimoto ikakhala pa inshuwalansi osapyola mwezi umodzi amasunga 25 peresenti, miyezi itatu 50, miyezi 6 amasunga 75, miyezi 8 amasunga 87.5, kupyola apo amasunga yonse. Wanu ukhoza kusiyana, tsegulani chikalata chanu pa ndime ya kuthetsa mgwirizano muone. Koma a membala, munalemba kalata? Ndipo chiyambire Malichi, munakapemphako chipukutamisozi pa ngozi iliyonse?

Bambo a Mphatso
Mwaona? Wadzigwiritsa yekha. Munthu wayenda miyezi 5, inu mukusunga 75 peresenti. Umenewo si umbava? Nonse ndi amodzi.

Che Jafali
Bambo a Mphatso, inshuwalansi ya miyezi yochepa imadula kuposa ya chaka. Akanamabweza mwa masiku, aliyense bwenzi akugula ya chaka yotchipayo kenako n'kuithetsa pa mwezi wachitatu. Komanso ntchito yolemba mapepala ndi komishoni ya ejenti zinalipidwa kale tsiku loyamba. Mukhoza kudana nazo, koma zinalembedwa pa pepala limene munthu amavomera.

Bambo a Mphatso
Ndani amawerenga timalemba tonga nyerere timeneto? Ine anandiuza kuti ndibweretse lipoti la apolisi, ndabweretsa, kenako makotesheni atatu, ndabweretsa, kenako amene amasaina ali ku maliro. Miyezi 9!

Mtsikana wa ku Ndirande
Koma ine ndi zomwezo. Ndinadula ya maliro zaka 4, nditasiya sanandipatse ngakhale tambala. Ndiye musalimbe mtima.

Mai a Wongani
Achemwali, ya maliro ija mumalipira mwezi ndi mwezi, mwezi ukatha ndalama yake yagwira ntchito, palibe chotsala. Awa analipiriratu mpaka Febuluwale wa chaka chamawa. Ndi zosiyana.

Membala wobisa dzina
Kalata sindinalembe, ndinangomuimbira ejentiyo, kenako ndinamutumizira voisi pa WhatsApp. Disiki inapita ndi galimoto, ili pa galasi. Wogulayo anati ndimusiyire ayendere kaye.

Che Jafali
Apa ndiye pali vuto, achimwene. Ku kampani, inshuwalansi yanu ikadali yamoyo. Iwo amawerengera kuyambira tsiku limene alandira chidziwitso cholembedwa, ndipo ambiri amafuna mubweze setifiketi ndi disiki. Tiyeni tiwerengere pa mndandanda wanga uja. Mukanalemba pa 31 Julaye, miyezi 5, akanasunga K540,000 n'kukubwezerani K180,000. Lero mwapyola miyezi 6, ndiye asunga K630,000, yanu ndi K90,000. Okutobala akatha musanalembe, simuona kanthu. Ngati m'kati mwa K720,000 muja munali misonkho ndi tizolipira tina, akhoza kuyamba achotsa zimenezo, ndiye itsikanso pang'ono.

Mawa m'mawa lembani kalata kapena imelo yopita ku kampani yeniyeniyo, osati kwa mnyamata uja yekha. Mulembemo nambala ya mgwirizano, nambala ya galimoto, tsiku logulitsa ndi akaunti yanu ya ku banki. Muphatikize kope ya pangano logulitsira galimoto ndi lisiti lolipirira. Pemphani kuti awerengere kuyambira pa 31 Julaye poti galimoto sinalinso yanu, ndipo voisi ija muisunge ngati umboni woti ejenti wawo anauzidwa. Akhoza kuvomera kapena kukana. Kope yanu akudindireni chidindo cha tsiku.

Nachisale
Ndiye munthu akuyendera disiki ya dzina lanu, ndalama yanu sanamalize. Akagunda mwana wa eni mawa, apolisi ayambira kwa ndani? Kaitengeni disikiyo lero, mlamu wanu akuperekezeni.

Che Jafali
Anachisale akunena zoona. Inshuwalansi siyenda ndi galimoto ikagulitsidwa pokhapokha kampani itavomera. Wogulayo adule yake, ngakhale ya thedi pate imene lamulo limakakamiza aliyense.

Angoni a ku Ntcheu
K90,000 imeneyo ikabwera mutiitane, ya utumbuwa yokha ikwana gulu lonse.

Bambo a Mphatso
Sibwera. Ndikubetcha mbuzi. Apite ku khoti basi, kapena awatchule dzina pompano tiwayalutse.

Mai a Wongani
Khoti la chiyani pa K90,000, loya yekha adya yonse. Akakana popanda chifukwa, mumayamba mwadandaula kwa akuluakulu a kampaniyo molemba, zikakanika mumapita nazo ku Reserve Bank of Malawi, ndi amene amayang'anira makampani a inshuwalansi. Koma ine ndikuti ngati mukuganiza zogula galimoto ina posachedwa, afunseni asamutsire miyezi yotsalayo pa galimoto yatsopanoyo. Amuna anga anatero, sanataye kanthu, anangowonjezera pang'ono.

Membala wobisa dzina
Galimoto ina ayi, ndalama inathera ku chipatala. Za ngozi, sindinachitepo ngozi. Kungoti mu Meyi mwala unaswa galasi lakutsogolo pa msewu wa ku Salima, iwo analipira latsopano. Kodi zimenezo zikukhudzana?

Che Jafali
Iii achimwene, bwenzi mutayambira pamenepo. Zikalata zambiri zimati amabweza pokhapokha ngati simunalandire chipukutamisozi chilichonse m'chaka chimenecho. Tsono galasi ena amaliika padera, ena amaliwerenga pamodzi ndi ngozi zina. Jambulani ndime ya kuthetsa mgwirizano ndi ya galasi, mubise dzina ndi manambala, muike pano tione. Kalata ija lembanibe mawa.

Bambo a Mphatso
Ndinanena ine! Galasi lokha adya nalo miyezi 7.

Membala wobisa dzina
Chikalatacho ndikuganiza chinatsala m'kabokosi ka kutsogolo m'galimoto muja. Ndimuimbirenso mlamu.