Anyezi wa pa ukwati wandiliza

Wophika wa ku Matero: Anzanga, Loweruka ndinaphika pa ukwati, anyezi thumba lathunthu la ku Soweto. Ndisanafike pakati maso anali atatupa, ndikungodula mongoyerekeza. Mumphika wina anapserera wina akadali muwisi, mpaka supu kuwawa. Inu mumatani?

Mayi wa ku Chawama: Munyikeni m'madzi mukasenda, asisi. Ine ndimatero.

Shefu wa ku Kabwata: Madzi amathandiza pang'ono, koma anyezi wonyowa amaterera pathabwa, ndipo mumafuta amathetheka n'kuyamba kuwira m'malo mokazingika. Amayi a ku Matero, mpeni wanu munanola liti? Mukamaliza, thabwa limatsala lonyowa?

Wophika wa ku Matero: Sindikumbukanso. Ndipo thabwa sindigwiritsa, ndimadulira m'manja pamwamba pa beseni. M'besenimo mumatsaladi timadzi.

Shefu wa ku Kabwata: Ndi pamenepo. Mpeni wobuntha umaphwanya anyezi, madzi ake n'kutulutsa mpweya woluma m'maso uja. Mukamadulira m'manja, nkhope ili pomwepo pamene mpweyawo ukukwera. Yesani mpeni pa tomato wakupsa: ukafinya khungu osalowa, nolani kaye.

Kenako dulani nsonga yokha, kumizu musiye. Ng'ambani pakati kuchokera kunsonga mpaka kumizu, sendani, muvundikire mbali yodulayo pathabwa kuti asagubuduke. Chekani mizere yolunjika kumizu, yotalikirana theka la sentimita, koma osafika pamizu penipeni. Mizuyo ndiyo imagwira zonse pamodzi. Ndiye dulani mopingasa, mpata womwewo. Tizidutswa timatuluka tofanana, timafiira nthawi imodzi. Zala muzipinde ngati nkhanu. Pansi pa thabwa yalani kansalu konyowa lisathawe.

Mnyamata wa tchipisi ku Kamwala: Ine fungo m'manja ndimachotsa ndi ndimu.

Mayi wa ku Chawama: Achimwene, tikunena za maso! Koma a shefu, ine ndinaphunzira kuti kumizu ndi kumene kumaluma kwambiri, ndiye ndimakuchotsa koyamba n'kutaya kutali.

Shefu wa ku Kabwata: Ambiri amatero, koma mukachotsa mizu anyezi amamwazika, mizere siyenderanso limodzi. Wa saladi, wodula mozungulira, chotsani sindikana. China, muikeni mufiriji mphindi 30 musanadule. Wozizira saluma msanga.

Wophika wa ku Matero: Firiji ndi malaiti athuwa? Lachisanu anapita m'mawa, kubwera usiku.

Shefu wa ku Kabwata: Ndiye tulutsani tebulo panja, mphepo izikuombani cham'mbali. Osadulira pafupi ndi mbaula. Wodula kale muzimuthira mundowa yovundikira, asaunjikane pansi pa mphuno.

Mayi wa ku Chawama: Thumba lonse pathabwa? Ine m'manja ndimathamanga kuposa.

Wophika wa ku Matero: Mpeni ndinola mawa, ndiyesere pa anyezi wa ndiwo zakunyumba. Nanga kaloti, popeza kumutu n'konenepa kumchira n'kowonda, mumafananitsa bwanji?