Uthenga wa WhatsApp waonekera m'vidiyo yophunzitsira anzanga

Mayi Nkhoma: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Dzulo ku ofesi kwathu ku Area 47 ndinajambula sikirini ndi OBS Studio pophunzitsa anzanga kulemba fomu ya pa intaneti, koma poionera ndapeza kuti pa mphindi yachisanu ndi chimodzi patulukira uthenga wa achemwali anga wonena za ndalama, dzina lawo lili poyera. Kompyuta ndi ya Windows 11. Ndikonze chiyani ndisanajambulenso?

Bambo Chirwa: Pepani mayi. Tsegulani Incognito mu Chrome, zonse zibisika.

Bambo Mwale: A Chirwa, Incognito imangoletsa kusunga zimene mutsegule panthawiyo, koma siitsekereza mauthenga, ndipo mukayamba kulemba pamalo a adiresi imakuonetsabe masamba amene munawasunga kale. Ine ndimasankha Guest, chifukwa mmenemo mulibe mbiri, mapasiwedi kapena matabu anu.

Za uthengawo, mayi, pitani ku Settings > System > Notifications n'kuyatsa Do not disturb, kenako mulowe pa Set priority notifications, poti mafoni ndi zikumbutso zimaloledwa kudutsa mukapanda kuchotsa chilolezocho. Komabe musadalire zimenezi zokha. Mapulogalamu ena amatulutsa timauthenga tawo mosadzera kwa Windows, choncho atsekeni kotheratu, osati kungodina X, chifukwa ambiri amabisala pafupi ndi wotchi ali chigwirire ntchito.

Mayi Nkhoma: Zikomo bambo. Ndiye kuti ndinalakwitsanso posankha Display Capture?

Bambo Mwale: Pamenepo ndiye panagona vuto. Display Capture imatenga chilichonse chooneka pa sikirini, pamene Window Capture imatenga windo imodzi yokha, moti uthenga wa achemwali anuwo sukanalowa. Koma dziwani kuti fomu yanu ikamafuna kuikapo fayilo, kabokosi kosankhira fayiloko mwina sikaoneka m'vidiyo, poti ndi windo ina.

Mayi Jere: Kabokosi kameneko n'kamene kanandichititsa manyazi ine. Mauthenga ndinatseka bwinobwino, koma nditadina Upload panatseguka Downloads, mayina a mafayilo a malipiro a antchito ali mbwee. Masiku ano ndili ndi akaunti ina ya Windows yojambulira basi, yokhala ndi foda imodzi ya mafayilo ongoyeserera.

Bambo Chirwa: Nanga bwanji osangophimba malowo pokonza vidiyo? Kujambulanso mphindi zonsezo n'kutaya nthawi.

Mayi Jere: N'zotheka, bola muphimbe ndi bokosi lakuda, osati kungozimiririza zilembo, ndipo muyang'ane chithunzi chimodzichimodzi, chifukwa kauthengako kamalowa chotsetsereka ndipo kamaoneka bokosi lisanafike. Kulira kwake nakonso kumatsala ngati Desktop Audio inali yoyatsa.

Mayi Nkhoma: Ndijambulanso mawa, koma ndiyamba ndi kavidiyo ka masekondi 30, mnzanga anditumizire uthenga ndili mkati mojambula kuti ndione ngati udutse. Za akaunti yachiwiri ndikafunsa kaye a IT, popeza kompyutayi ndi ya ofesi ndipo ine ndilibe chilolezo chopanga akaunti.