Intaneti ikukwawa mu ofesi: ndione chiyani ndisanaimbenso ku kampani?

Naphiri, Kabwata
Mwauka bwanji akuluakulu. Ndine watsopano muno. Ndinayamba ntchito mwezi watha pa kaofesi ka maakaunti ku Kabwata, ndipo zonse za makompyuta anandisiyira ine. Tili ndi faiba ya 20 Mbps, ogwira ntchito ndife asanu ndi awiri. Kuyambira sabata yatha intaneti ikukwawa, makamaka masana. Ndinaimba ku kampani ya intaneti, anangoti zimitsani rauta muyatsenso. Ndinatero, palibe chasintha. Abwana akuti ndiimbenso lero poti tsiku la 10 lolipira msonkho wa PAYE layandikira, koma sindifuna kuimba ndilibe chokamba. Dzulo ndikutsitsa fayilo inaonetsa 2.3 chabe pomwe tilipira 20. Ndiyambire pati?

Tembo wa ku Matero
Alongo, sinthani DNS muike 8.8.8.8. Ikakana, kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset, bayani ndi pini iyambirenso.

Mwale
Ba Tembo, pepani, pa Reset ndikana. Naphiri, kabowo kameneko musakakhudze. Marauta ambiri a faiba amasunga dzina ndi pasiwedi imene kampani inaikamo kuti mulumikizike, ndipo mukabaya zimatha kufufutika. Pamenepo intaneti yochedwa ija isanduka yopanda konse, mudikire tekinishani, PAYE ikuyembekeza. DNS imathandiza ngati webusaiti ikuchedwa kuyamba kutseguka, koma liwiro lotsitsa fayilo silisintha.

Tiyambe ndi 2.3 ija. Pambali pake panalembedwa chiyani, Mbps kapena MB/s?

Naphiri, Kabwata
Ndaona pa chithunzi chimene ndinajambula. Ndi 2.3 MB/s.

Mwale
Ndiye nthawi imeneyo laini inali bwino. Kampani igulitsa mamegabiti, koma kompyuta ikamatsitsa fayilo iwerenga mamegabaiti, ndipo megabaiti imodzi ndi mamegabiti 8. Gawani 20 ndi 8 mupeza 2.5. Inu munaona 2.3, kutanthauza kuti mumalandira pafupifupi zonse zimene mulipira. Mukadaimba ndi nambala imeneyo akadakuuzani kuti palibe vuto, ndipo akadakhala olondola.

Sindikuti kukwawa kulibe. Ntchito yanu musanaimbe ndi imodzi: kudziwa ngati vuto lili mkati mwa ofesi kapena kunja, rauta ndiye malire. Chitani motsatana chonchi.

Choyamba, yang'anani timalaiti pa kabokosi kamene chingwe cha faiba chiloweramo. Ngati kolembedwa LOS kayaka kofiira, kuwala sikukufika bwino kuchokera panja. Pamenepo siyani zonse, imbani basi. Ngati PON yayaka yobiriwira osaphethira, pitirizani. Onaninso kachingwe kopyapyala kachikasu kaja kuti sikanapindike kapena kukanikizidwa ndi mwendo wa tebulo, mkati mwake ndi galasi. Musakazule, ndipo musasuzumire kumapeto kwake.

Chachiwiri, funsani wolipira mabilu ngati akaunti ili bwino, komanso ngati pa mgwirizano pali malire a data oti mukapitirira amachepetsa liwiro.

Chachitatu ndi kuzimitsa rauta pa soketi kwa theka la miniti. Mwachita kale, musabwereze.

Chachinayi ndiye mtima wa nkhani. Tengani laputopu imodzi, ilumikizeni ku rauta ndi kebulo, muzimitse waifai pa laputopuyo. Zulani makebulo ena onse a LAN, ndipo pemphani anzanu achotse mafoni ndi makompyuta pa waifai kwa mphindi khumi. Kenako tsegulani speedtest.net, muyese katatu, mulembe Download, Upload ndi nthawi. Muyeso wa pa foni muli kuchipinda cha kumbuyo sunena kanthu za kampani, chifukwa umayesa makoma anu ndi mawaifai a oyandikana nawo. Wa pa kebulo muli nokha ndi umene kampani singaukane.

Chachisanu, tsegulani Command Prompt mulembe `ipconfig`, mupeze mzere wa Default Gateway. Imeneyo ndi adiresi ya rauta, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.100.1. Ndiye:

```
ping -n 50 192.168.1.1
ping -n 50 8.8.8.8
```

Yoyamba ikugogoda pa rauta yanu, yachiwiri ikutuluka panja. Pa kebulo yoyamba iyenera kuyankha pa 1ms kapena kuchepera, ndi 0% loss. Ikamataya mapaketi, timauthenga timene ping imatumiza, vuto ndi kebulo kapena rauta. Yoyamba ikakhala yoyera koma yachiwiri ikutaya kapena kulumphalumpha pomwe muli nokha, mwagwira chokamba.

Amai Zulu
Ine changa chinali chimodzimodzi pa shopu ku Chawama. Ndinachotsa rauta pansi pa kauntala nkuiika pawindo, timizere ta siginolo tinakwera kuchoka pa tiwiri kufika tinayi, basi zinatha. Naphiri, yesani pawindo mwananga, ndipo muone ngati bandulo sinathe.

Mwale
Amai Zulu, yanu ndi ya simukadi, ikoka kuchokera pa nsanja, ndiye windo linathandizadi. Ya Naphiri ibwera pa chingwe. Kuisuntha kungathandize waifai mkati, osati zimene zikulowa.

Banda (makebulo ndi makamera)
Ine ndikayikira kebulo. Kawaya kamodzi kakaduka mkati, kompyuta igwa kuchoka pa 1 Gbps kufika 100 Mbps, ndaziona kambiri. Chinanso, malaiti akabwera pambuyo pozima, adaputa ya rauta imafooka, rauta nkumazimazima yokha. Igwireni muone ngati ikutentha kwambiri.

Mwale
Za adaputa nzoona a Banda, ayang'ane. Koma 100 Mbps ikadali kasanu kuposa 20 imene agula, ndiye kugwako sangakumve.

Naphiri, Kabwata
Ndabwera nazo. Timalaiti tonse tobiriwira, bilu inalipidwa, malire a data palibe, adaputa ndi yofunda pang'ono chabe. Pa 09:30, ndili ndekha pa kebulo: Download 19.2, Upload 9.6. Rauta iyankha pansi pa 1ms, 0% loss. Ya 8.8.8.8 ili cha m'ma 40ms, osataya.

Koma taonani chimene chinachitika. Ndinayambitsanso ya 8.8.8.8, ndikuiyang'ana, nkuuza anthu abwerere pa waifai. Mwadzidzidzi manambala analumpha, 600, 850, 900ms, kwinaku Request timed out. Masamba anayambanso kukwawa nthawi yomweyo.

Mwale
Mwachita bwino kusiya ikuyenda, mwaona ndi maso anu. Pali chipangizo chimodzi chimene chikudzaza njira. Achotseninso onse, alowe mmodzimmodzi, mudikire miniti pa aliyense. Amene akangolowa manambala nkulumpha, ndi yemweyo. Pa kompyuta yake dinani Ctrl+Shift+Esc, pitani pa Performance, musankhe Wi-Fi, muone Send ndi Receive.

Ndikuganiza kuti mupeza Send. Anthu amayang'ana kutsitsa kokha, koma chilichonse chimene mutsegula chimayamba ndi pempho lotuluka, ndipo pamene fayilo ikutsika kompyuta imatumiza timayankho toti ndalandira. Njira yotuluka ikadzaza, zonsezi zifola pa mzere ngati maminibasi pa Lumumba nthawi yoweruka, ndipo aliyense mu ofesi amva ngati intaneti yafa ngakhale njira yolowa ili pululu.

Naphiri, Kabwata
Ndi laputopu yatsopano ya abwana! Send ili pa 9 Mbps osatsika. Ndi OneDrive, ikukweza foda ya mapepala osikana a makasitomala, yonse 120 GB. Anaigula Lolemba lapitalo, tsiku lomwe vuto linayamba. Amabwera nayo mmawa, madzulo napita nayo kunyumba. Ndiwauza bwanji?

Mwale
Auzeni ndi manambala. 120 GB pa 9 Mbps ndi pafupifupi maola 30, ndiye kuti masiku angapo a ntchito. Sanalakwe, mapepala amenewo ayeneradi kusungidwa. Dinani kamtambo ka OneDrive pafupi ndi wotchi, musankhe Pause syncing maola 8, kenako aisiye mu ofesi usiku ili pa chaja kuti imalize. Isagone, ndipo rauta ikhale pa invata ngati muli nayo. Kapena mu Settings muchepetse liwiro lokweza. Samalani, pamenepo amawerenga KB/s, ndiye 400 ndi pafupifupi 3 Mbps.

Komabe munati masana ndiye zimanyanya. Bwerezani muyeso wa pa kebulo cha m'ma 15:00, muli nokha ngati mmawa.

Tembo wa ku Matero
Ndavomera za Reset, sindinadziwe kuti ndi faiba yokhala ndi pasiwedi ya kampani. Langizo langa lina ndi ili: mukaona kuti webusaiti imodzi yokha ndiyo ikuchedwa pomwe zina zikuthamanga, musaimbe. Masiku omaliza olipira misonkho anthu onse amathamangira malo amodzi.

Naphiri, Kabwata
Nditaimitsa OneDrive, mmawa wonse zinayenda bwino. Koma pa 15:10, makebulo ena nditazula, onse atachoka pa waifai, laputopu ya abwana itazima: Download 7.1, 6.8, 7.4. Upload 9.3. Rauta 0% loss. Ya 8.8.8.8:

```
Packets: Sent = 50, Received = 48, Lost = 2 (4% loss)
```

Banda (makebulo ndi makamera)
Pamenepo werengani mgwirizano. Malaini ambiri otsika mtengo mumagawana ndi oyandikana nawo, ndipo pepala limati liwiro "mpaka" 20, osati 20 nthawi zonse. Masana maofesi onse ali pa ntchito. Mukaimba akuuzani zomwezo.

Mwale
Mwina, a Banda, koma kugwa kuchoka pa 19 kufika pa 7 sikochepa, ndipo kutaya mapaketi kukuwonjezera. Ine ndiimba. Kungoti tsiku limodzi silikwana, ndipo mapaketi awiri pa 50 ndi ochepa kuti tigamule.

Naphiri, yesani masiku atatu, mmawa, masana ndi poweruka. Muonjeze `ping -n 200 1.1.1.1` kuti asanene kuti adiresi imodzi ndiyo inali yotanganidwa. Jambulani zonse. Poimba mukhale ndi nambala ya akaunti m'manja, ndipo mukambe mwachidule: kompyuta imodzi pa kebulo, ena onse ochotsedwa, LOS siyofiira, mmawa 19, masana 7, ku rauta osataya, kunja kutaya. Afunseni aone mphamvu ya kuwala kofika pa kabokosi kanu, poti amatha kuiona ali kwawo, komanso ngati dera lanu lili lodzaza masana. Musadule foni asanakupatseni nambala ya dandaulo. Mukadzafuna kupita ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, umboni woti munayamba mwadandaula ku kampani ndi nambala imeneyo.

Banda (makebulo ndi makamera)
Ine ndikadali pa mgwirizano. Ngati palibe liwiro lotsikitsitsa limene analonjeza, angokugulitsani phukusi lodula.

Naphiri, Kabwata
Zikomo nonse. Mgwirizano uli mu kabati ya abwana, ndaupempha kuti ndione ngati mawu amenewo alimo. Ndajambula mizere m'kope, tsiku, nthawi, Download, Upload ndi loss. Ndiimba Lachisanu. Funso lina laling'ono: makamera athu alumikizidwa ku rauta yomweyo ndipo abwana amawaonera pa foni. Kebulo yake ndinazula poyesa, koma masiku onse kodi nayonso imadya Upload?

Banda (makebulo ndi makamera)
Imadya wina akamaonera ali kunja, kapena ngati ikusunga makanema pa intaneti. Ndiuzeni dzina lolembedwa pa bokosi lake ndi chiwerengero cha makamera, ndikuonetseni pochepetsera.