Tilipire katswiri kuti atilembereso ndondomeko yotsukira thanki ya mkaka, kapena tingokonza tokha?

Mlembi wa gulu: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Gulu lathu la alimi a ng'ombe za mkaka kuno ku Thyolo lili ndi thanki yoziziritsira mkaka ya malita 1,000, ija yotsegula pamwamba yomwe timatsuka ndi burashi. Ndondomeko ya katsukidwe kake tili nayo, koma ndi ndime zitalizitali zodzaza masamba awiri, ndipo imangokhala m'fayilo. Kwabwera katswiri wina yemwe akuti atilemberanso ndondomeko zitatu, yolandirira mkaka, yotsukira thanki ndi ya zochita magetsi akathima. Akuti aziika m'masitepe a manambala, ndi machenjezo, ndiponso kusonyeza wogwira sitepe iliyonse. Mtengo akuti K380,000. Komiti yagawanika. Kodi chinthu chimenechi n'chogula?

Msungichuma wopuma: Achimwene, K380,000 yongoikira manambala? Itanani mwana wa Fomu 4, mumupatse kompyuta, adule ndimezo pamene pali mpumiro paliponse, aike 1, 2, 3. Mumugulire fanta basi nkhani yatha.

Mnyamata wa ku Bvumbwe: Ine ndikuti gulani, koma muonetsetse kuti kompuresa yake ndi yatsopano. Za kaunjika zimavuta mpweya.

Mlembi wa gulu: Ayi aphwanga, thanki tili nayo kale. Chikugulitsidwa ndi kalembedwe ka pepala.

Mayi a mu labu: Abambo Msungichuma, kuika manambala n'kosavutadi, pamenepo mwanena zoona. Koma mukangodula ndime momwe ilili, mupeza masitepe osokonekera omwe ali ndi manambala okongola. A Mlembi, tatiikirani pano ndime imodzi momwe inalembedwera tione.

Mlembi wa gulu: Nayi, mayi. "Galimoto ikatenga mkaka, thanki itsukidwe bwinobwino ndi madzi otentha ndi mankhwala oyenera, pokumbukira kuti madzi oyamba asakhale otentha komanso kuti makina akhale atazimitsidwa, ndipo asidi agwiritsidwe ntchito nthawi ndi nthawi koma asasakanizidwe ndi kolorini."

Mayi a mu labu: Zikomo. Zonse zili m'ndimeyi n'zoona, vuto ndi malo amene zaikidwa. Munthu wowerenga uku akugwira ntchito ayamba wakumana ndi "madzi otentha", athira, kenako n'kumva kuti oyamba asakhale otentha. Kuzimitsa makina, komwe kumayenera kukhala koyambirira, kwabwera pakati. Chenjezo loopsa kuposa onse, la asidi ndi kolorini, lili kumchira. Ziwirizi zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini woti m'kachipinda kothina ukhoza kumugwetsa munthu.

Ndiye taonani mawu akuti "itsukidwe", "akhale atazimitsidwa", "agwiritsidwe". Atsuke ndani? Azimitse ndani? Tsiku limene mkaka udzabwezedwe, aliyense adzati ndimayesa mnzanga wachita. Ine gawo loyambalo ndikadalilemba motere.

Wogwira: Wotsuka thanki

CHENJEZO: Chotakasira mkaka chikhoza kuyamba kuzungulira chokha n'kukuvulazani mkono.
1. Zimitsani kompuresa ndi chotakasira pa bokosi la magetsi.
2. Pachikani chikwangwani cha "Osayatsa" pa bokosilo.
3. Tsegulani mpopi wapansi wotulutsira.

CHENJEZO: Madzi otentha amaphika mkaka wotsalira n'kuukakamiza kukhoma.
4. Yezani madzi otsukuluzira. Akhale pakati pa madigiri 35 ndi 45.
5. Tsukuluzani mpaka madzi otuluka asiye kuoneka oyera ngati mkaka.
6. Tsekani mpopi wapansi.

CHENJEZO: Mankhwala amawotcha khungu ndi maso.
7. Valani magolovesi ndi magalasi.
8. Thirani madzi otentha malita 40 m'thanki.
9. Onjezani mankhwala otsukira mamililita 200.

Sitepe iliyonse ili ndi ntchito imodzi, ndipo yayamba ndi mawu olamula. Chenjezo lili pamwamba pa sitepe yake, kuti munthu aliwerenge dzanja lisanafike pachinthucho. Mamililita 200 ndawaika mongoyerekeza, ngati pachigubu chanu alembapo 0.5%, kutanthauza mamililita 5 pa lita imodzi. Inu muone zomwe zalembedwa pa chanu. Chachikulu n'chakuti samuyo ichitikiretu papepala, wotsuka asamawerengetse pamtima madzi akuzizira.

Msungichuma wopuma: Eya, si izi mayi atilembera ulere pompano? Ndiye katswiriyo tikumufuniranji?

Mayi a mu labu: Ndalemba zomwe zinali kale m'ndimeyo, abambo. Zomwe mulibe sindingazidziwe ndili kuno. Madzi otentha amawatenga kuti? Ngati amawiritsa panja pa nkhuni n'kunyamula m'ndowa, amafika m'thanki ali pa madigiri angati? Chitsulo cha thanki chimakhala chikadali chozizira, chifukwa mkaka umasungidwa pa madigiri 4, ndiye chimameza kutentha msanga. Madzi a mankhwala akatsika pansi pa madigiri 40 musanamalize kukwecha, mafuta a mkaka amayamba kuundananso kukhoma. Apo pamafunika sitepe ya mphambano, yonena kuti yezani madzi pomaliza, ngati ali pansi pa 40 tayani mubwerere ku sitepe 6. Imeneyo amailemba ndi munthu amene waima pathankipo n'choyezera m'manja.

Chimodzimodzi "nthawi ndi nthawi" ya asidi ija. Mwana wa Fomu 4 aikopera momwemo. Kuti isanduke "Lolemba ndi Lachinayi" kapena "Lachisanu lililonse" pafunika wina aone madzi anu. A pamjigo ena amakhala ndi laimu wambiri ndipo amasiya zoyera zokakamira msanga kusiyana ndi a pampopi.

Wa ku Joni: Moni nonse kumudziko. Ine ndimagwira pa fakitale ina yophika buledi kuno. Anatilembera zoterezi, zokongola, zomatidwa pulasitiki, munthu wake analipidwa ndalama zambiri. Koma analemba ali mu ofesi, pofunsa bwana yekha. Sitepe ina imati titseke valuvu yomwe inachotsedwa kalekale pomwe ankasintha mapaipi. Anyamata ataona kuti pepala likunama pamenepo anasiya kulikhulupirira lonse, ndi machenjezo omwe. Ndiponso anatisiyira mapepala okhaokha, fayilo ya pakompyuta anapita nayo. Kusintha mzere umodzi mpaka kumuitananso.

Wotsuka thanki ku Mulanje: Pepani ndilowererepo, poti ntchitoyi ndimaigwira ndi ine. Zolemba zanuzo zikhale m'Chichewa ndipo zikwane tsamba limodzi. Manja anga amakhala onyowa, muli magolovesi, sinditembenuza pepala. Komanso musachulutse machenjezo. Kwathu analemba CHENJEZO pafupifupi pa mzere uliwonse, ndi pa kutseka chitseko pomwe, moti maso anazolowera kumangolumpha.

China, mutilembere mmene tingadziwire kuti thanki yayera. "Bwinobwino" aliyense ali ndi wake. Ine ndinaphunzitsidwa kuunika ndi tochi. Madzi akamaima timadontho kukhoma m'malo moyenderera, ndiye kuti patsala mafuta. Pakauma n'kumaoneka mitundu ngati utawaleza, ndi zotsalira za mkaka zomwe zinapsera. Zoyera zokhakhala ngati choko ndi zija zimafuna asidi. Malo obisala ndi kunsi kwa chivundikiro, kuseri kwa chotakasira ndi mkati mwa mpopi wapansi.

Mayi a mu labu: Achimwene awa anena zomwe akatswiri ambiri amaphonya. A Mlembi, zitatu zimenezo zilowe m'sitepe yoyendera, ndipo pamwamba pake mulembe wogwira wina, osati wotsuka. Mutu watsopano, "Wogwira: Woyang'anira malo", kenako unikani ndi tochi, ngati mwaona chimodzi mwa zitatuzi bwezani kwa wotsuka, ngati ayi sainani m'kaundula. Pamene ntchito ikuchoka m'manja mwa wina kupita kwa wina ndi pomwe zinthu zimatayikira, ndiye pazioneka poyera.

Msungichuma wopuma: Apa pokha ndikutsutsa. Bwanji osangolemba maina a anthu? "Woyang'anira malo" ndi mawu chabe, koma dzina munthu salithawa.

Mayi a mu labu: Dzina limadwala, limapita kumaliro, limasiya ntchito. Mukalemba dzina m'ndondomeko muzidzailembanso munthu akangochoka. M'ndondomeko muike udindo, maina akhale pa kapepala kena ka kasinthasintha wa sabata, kopachika pambali.

Mlembi wa gulu: Vuto lathu n'lakuti Lamlungu pamalopo pamakhala munthu mmodzi. Iyeyo ndiye wolandira mkaka, wotsuka, ndi woyang'anira yemwe. Adziyendera yekha?

Wa ku Joni: Kuno woyendera akapanda kupezeka makina sayatsidwa.

Wotsuka thanki ku Mulanje: Kumeneko ndi ku fakitale, achimwene. Kuno ng'ombe sizidziwa Lamlungu, alimi amafika m'mawa ndi zigubu zawo, simungawauze kuti adikire wosaina. Mwina membala wa komiti wokhala pafupi azibwera kudzaunika.

Mayi a mu labu: Limenelo ndi la komiti yanu, katswiri sangakugamulireni. Koma mwaona kuti ndime yakale ija inkalibisa, chifukwa sinkatchula munthu.

Za kugula, ine ndikuti zitengera zomwe zili mu mgwirizano. Mumufunse ngati adzabwera kudzaonerera katsukidwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akulemba zomwe wotsuka akuchitadi. Mumufunse ngati akalemba adzapereke pepalalo kwa munthu amene sanatsukepo thanki, alitsatire wotsuka weniweni ali pambali osayankhula pokhapokha pakhale choopsa. Paliponse pomwe mlendoyo waima n'kufunsa, sitepeyo siinathe. Ndipo akusiyireni fayilo yoti mukhoza kusintha, yokhala ndi deti, nambala ya kope ndi malo osainira wovomereza, kuti kope lakale lisamapikisane ndi latsopano kukhoma. A bungwe loona za miyezo la MBS akabwera kudzayendera malo a zakudya, ndondomeko zolembedwa ndi kaundula wosainidwa zimakuthandizani. Akavomera zonsezi, ndalamayo si yotaya. Akati mungomutumizira fayilo pa foni akonzere kwawo, ndiye abambo Msungichuma apambana, itanani mwana wa Fomu 4 uja.

Msungichuma wopuma: Ngakhale abwere, zitatu zonse ayi. Mulipireni imodzi yokha ya thankiyi, poti ndi yomwe ili ndi mankhwala oopsa, mlembi akhale naye limodzi aphunzire. Ziwiri zinazo mulembe nokha potengera yomweyo.

Mlembi wa gulu: Ndamuimbira. Zobwera pamalo ndi zosiya fayilo wavomera, koma akuti thiransipoti ikhale yathu. Zoyesa ndi munthu wachilendo akuti sanachitepo koma sakukana. Imodzi yokha akuti K180,000, osati gawo limodzi mwa magawo atatu monga ndimaganizira. Ndikazitula ku komiti Loweruka, pamodzi ndi nkhani ya Lamlungu ija. Achimwene a ku Mulanje, pepala lanu munalimata ndi chiyani kuti lisanyowe? Lathu loyamba linafufuma ndi nthunzi sabata isanathe.